Mmene mungalondolere chipatala mu Lilongwe musanafikemo n'komwe

Kuno kwathu munthu akati "ndikupita kuchipatala" palibe amamufunsa kuti chiti, chifukwa chilipo chimodzi, ndipo njira yake ngakhale mwana wa Sitandade 1 akuidziwa. M'tauni si choncho. Mu Lilongwe muli zipatala za boma, za mishoni, ndi zina za anthu zolipiritsa zomwe chikwangwani chake n'chachikulu kuposa nyumba yake. Ndiye vuto limabwera tsiku limene adokotala a kuno alemba m'kabuku ka wodwala kuti apite kuchipatala chachikulu. Makolo amayang'ana uku ndi uku, kenaka maso amagwera pa ife, eti poti ndife a sekondale, timawerenga Chingerezi komanso timadziwa kutokosa foni. Ine zinandigwera pa holide yapitayi pomwe ndinaperekeza agogo anga aakazi ku chipatala cha maso, ndipo ndikufuna ndikuuzeni ndondomeko yake, chifukwa mawa lino zitha kugwera inu.

Mutu wa nkhani yonse ndi uwu: dzina la chipatala palokha silikufikitsani. Mufunika zinthu zitatu, dzina lonse la chipatalacho, khomo lenileni lomwe wodwala wanu akukalowa, ndi nambala ya foni yomwe munthu akuyankha. Zitatu zonsezi zimapezeka mukadali kumudzi. Mukadikira kuti mukazifufuze mutatsika basi, muzizifufuza muli ndi chikwama kumsana, wodwala kudzanja, oitanira minibasi akukukuwirani mbali zonse.

Poyambira ndi pa kabuku ka kuchipatala kaja, kapena kalata yomwe akupatsani. Musachoke pakhomo la adokotala musanaiwerenge. Achipatala amalemba mothamanga ndipo amakonda kudula mayina. Akalemba KCH akunena Kamuzu Central Hospital ya ku Lilongwe, akalemba QECH akunena Queen Elizabeth Central Hospital ya ku Blantyre, yomwe anthu amangoti ku Kwinzi kapena ku Gulupu. Palinso zipatala zazikulu zotere ku Zomba ndi ku Mzuzu. Choncho mawu oti "pitani ku Sentulo" ndi mawu osakwana, ngakhale ife a chigawo chapakati nthawi zambiri amatanthauza ku Lilongwe. Ngati zolembazo zikuoneka ngati nkhuku yapalasa, palibe chamanyazi kupempha mwaulemu kuti, "Adokotala, pepani, mungandilembereko dzinali m'zilembo zazikulu?" Pomwepo funsaninso mafunso ena awiri: tikafika tikalowe mbali iti, ndipo tipite tsiku lanji. Funso la tsikuli musalipeputse. Kuzipatala zazikulu madokotala a matenda ena amaona anthu pa masiku awoawo, ndiye mutha kufika bwinobwino, pakhomo lolondola, n'kuuzidwa kuti mubwerenso tsiku lina. Ndalama ya thiransipoti yomwe makolo anagulitsira nkhuku kapena ndowa ya soya ndiye kuti yapita.

Tsono tibwere pa mayina, chifukwa apa ndi pomwe pali misampha. Mu Lilongwe muli zipatala ziwiri za boma zomwe anthu akumudzi amazisokoneza. China ndi cha Kamuzu Central chija, chomwe chili ku Eliya 33. China ndi cha Bwaila, chomwe chili m'tauni yakale, kufupi ndi msika waukulu ndi depoti ya basi. Akuluakulu ambiri mpaka lero Bwaila amaitchula kuti ku Botomu, dzina lake lakale. Ndiye mutha kufunsa amayi ogulitsa nthochi kuti Bwaila ili kuti, iwo n'kuyankha kuti, "Ku Botomu? Si apa pomwepa," inu n'kuganiza kuti sanakumveni. Akumvani, ndi malo amodzi omwewo. N'chifukwa chake papepala lanu muzilemba mayina awiri, dzina la pachikwangwani ndi dzina la pakamwa. La pachikwangwani ndi lolemba pafoni, la pakamwa ndi lofunsira kondakitala.

Msampha wina ndi mawu oti Lilongwe. Lilongwe ndi mzinda, komanso ndi boma lalikulu lomwe lili ndi midzi yambirimbiri. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma, chomwe chimatchuka kwambiri pa nkhani ya maso, chili m'boma la Lilongwe, koma sichili mumzinda. Munthu wochokera kuno ku Dedza wopita ku Nkhoma amatsikira pa Kamphata, pamsewu wa M1, n'kukwera china cholowera kum'mawa. Akapitirira mpaka mudepoti ndiye kuti walipira ulendo wautali, ndipo alipiranso wobwerera. Agogo anga atauzidwa za chipatala cha maso, anthu a m'mudzi anagawikana pawiri, ena ati ndi ku Nkhoma, ena ati ndi m'tauni. Onse amanena zoona pa zomwe anaona okha, koma chomwe chinathetsa mkangano ndi kabuku: munalembedwa KCH.

Manambala a ma Eliya nawonso musawakhulupirire ngati masamu a m'kalasi. Munthu ungaganize kuti Eliya 24 ndi Eliya 25 ndi oyandikana ngati Folomu 1 ndi Folomu 2. Ayi ndithu. Eliya 23 ndi 24 ali cha kummwera chakum'mawa kwa mzinda, mbali ya ku Kawale ndi Chilinde, pomwe Eliya 25 ali kumpoto, mbali ya ku Kanengo. Ndiye wachibale akakuuzani kuti "ndimakhala ku 25, mukafikire kwathu," musawerengere kuti 25 ili pafupi ndi 33 poti manambalawo sakutalikirana kwambiri. Mufunseni kuti kuchokera kwawoko kukafika kuchipatala ndi minibasi zingati.

Chinanso chomwe chimapusitsa ndi keyala. Pamwamba pa makalata a chipatala pamakhala mawu ngati P.O. Box 149, Lilongwe. Imeneyo si malo a chipatala, ndi kabokosi ka kupositi komwe makalata awo amafikira. Wakabaza mukamuuza nambala ya bokosi angokuyang'anani. Ngakhale mayina a misewu sathandiza kwenikweni. Keyala ya chipatala cha Kamuzu Central imatchula msewu wa Mzimba, koma anthu a m'tauni salondolerana ndi mayina a misewu, amalondolerana ndi zinthu zooneka: raundabauti, filing'i siteshoni, mlatho, sukulu. Pafupi ndi chipatalachi pali sukulu za anamwino ndi za azaumoyo, ndipo chimenecho n'chizindikiro chabwino kuposa dzina la msewu.

Tsopano za foni. Kwathu kulibe foni yotsetsereka ndi chala, ili ya mabatani basi, ndiye ndinapempha achimwene ena a pamsika omwe amatchajitsa mafoni kuti andibwereke yawo kwa mphindi zochepa, bandulo n'kugula ine. Mukatsegula Google Maps, pamwamba pali kabokosi kolembamo. Apa lamulo ndi limodzi: lembani dzina lonse, ndi mzinda womwe.

```
Kamuzu Central Hospital Lilongwe
```

Mukangolemba Kamuzu yekha, mapu akupatsani bwalo la ndege, bwalo la mpira la ku Blantyre, sukulu ya ku Kasungu, malo a asilikali, ndi zina zotero, poti dzinali lili pa zinthu zambiri m'dziko muno. Bwaila yekhanso atha kukutengerani ku sekondale ya Bwaila, yomwe ili ku Eliya 47, kutali ndi chipatala. Mukalemba dzina lonse, pamapu pamabwera kachizindikiro kofiira. Musakhutire msanga. Sinthani mapuwo akhale a Satellite, aja ooneka ngati mukuyang'ana pansi muli m'ndege, kenaka kulitsani ndi zala ziwiri. Chipatala chachikulu chimaoneka ndithu kuti n'chachikulu: madenga ambiri aataliatali, tinjira tolumikiza nyumba, malo oimika galimoto. Ngati kofiirako kagwera pa kanyumba kamodzi pakati pa nyumba za anthu, kapena pamunda, dziwani kuti pali cholakwika. Zizindikiro zambiri za pamapu amaika ndi anthu wamba ngati ife, ndipo munthu atha kuika molakwitsa. Onaninso zithunzi zomwe anthu anajambula pamalopo. Chithunzi cha geti chili ndi dzina n'chamtengo wapatali, chifukwa mukafika maso anu adzachizindikira.

Pali njira ina yachidule yotsimikizira kuti muli mumzinda wolondola, ndipo a jogirafe muikonda. Mukadina pamalo pamapu n'kugwiritsa chala kwa kanthawi, pamatuluka manambala awiri, aja a latichudi ndi longichudi. A mumzinda wa Lilongwe, yoyamba imakhala pafupi ndi -14, yachiwiri imayamba ndi 33. A Blantyre, yoyamba imayamba ndi -15 ndipo yachiwiri imakhala pafupi ndi 35. Zimathandiza makamaka pa tizipatala ting'onoting'ono tomwe dzina lake limapezeka m'mizinda iwiri, kapena m'dziko lina. Mukaona manambala achilendo kotheratu, mwina mukuyang'ana kiliniki ya ku Zambia.

Mukatsimikiza malo, dinani Directions, ndipo poyambira musaike kumudzi kuno, ikani pomwe mukatsikire basi. Ulendo wochoka kuno kukafika m'tauni adalaivala akuudziwa, safuna thandizo lanu. Gawo lanu ndi lomaliza lija, lochoka padepoti kukafika pageti. Ine nditayesa, ndinaona kuti Bwaila ndi yoyenda wapansi kuchokera padepoti, koma Kamuzu Central ili patali ndithu kwa munthu wokalamba yemwe sakuona bwino, moti tinafunika chokwera chachiwiri. Zimenezi zinasintha bajeti, ndipo bwino kuti tinazidziwa tili kunyumba. Popeza foniyo sinali yanga, ndinajambula mapuwo pa tsamba la kope: depoti, msewu, pokhota, geti. Amene muli ndi foni yoteroyo kunyumba, jambulani chithunzi cha pasikirini, kapena sungani mapu a mzindawo pa Offline maps, kuti bandulo ikatha kadontho kabuluu kosonyeza pomwe muli kazionekabe pamisewu. Koma pepala muzitengabe. Pepala silitha batire.

Kufika pageti si kufika. Chipatala cha Kamuzu Central chili ngati mudzi wa mfumu yaikulu, nyumba zake n'zambiri ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. A maso ali ndi nyumba yawo, ya Lions Sight First, yomwe anthu amangoti ku Layoni. Amayi oyembekezera ali ndi yawo, ya Ethel Mutharika. Kuli mbali ya ana, kuli kwa angozi, kuli Lighthouse. Mukangoona mzere wautali n'kuimapo poti anthu ambiri ali pomwepo, mutha kutha maola awiri pamzere wa eni. Ndiye pageti munthu woyamba kumufunsa ndi mlonda wa yunifolomu, ndipo musamufunse kuti "adokotala ali kuti", muonetseni kabuku n'kunena kuti, "Bambo, tatumizidwa ku maso, tilowere kuti?" Ife anatilozera, ndipo nditayenda pang'ono ndinafunsanso anamwino omwe tinakumana nawo, n'kupeza kuti mayankho akugwirizana. Ndimakhulupirira kwambiri zofunsa kawiri. Anthu a kwathu kuno ndi aulemu, ena safuna kunena kuti sakudziwa, amangoloza kuti mlendo asakhumudwe. Anthu awiri osadziwana akaloza kumodzi, pitani. Akaloza kosiyana, funsani wachitatu, ndipo akhale wogwira ntchito pamalopo.

Nambala ya foni ndiye chinthu chovuta pa zitatu zija. Pamapu ndi pa intaneti manambala amapezeka, koma ambiri ndi akale. Muziyamba mwaiwerenga nambalayo musanawononge mayunitsi. Nambala ya foni ya m'manja kuno imakhala ndi manambala khumi kuyambira pa 0, monga ija yoyamba ndi 099 ya Airtel kapena 088 ya TNM. Ikalembedwa ndi +265 kumayambiriro, ndi yomweyo, angochotsa 0 n'kuikapo nambala ya dziko lathu. Mukaona +260 imeneyo ndi ya ku Zambia, +255 ndi ya ku Tanzania, +27 ndi ya ku Joni. Yoyamba ndi 01 ndi foni ya muofesi, ya nthambo. Yotereyi muziimba m'mawa pa tsiku la ntchito, osati Loweruka madzulo, ndipo ikalira osayankhidwa kawiri katatu pa nthawi zosiyana, isiyeni, fufuzani ina.

Ina mungaipeze kuti? Kwa ine njira yomwe inagwira si ya pa intaneti. Ndinabwerera kuchipatala chathu chaching'ono n'kufunsa alangizi a zaumoyo, aja amayenda m'midzi pa sikelo ya ana. Anthu amenewa ndi anamwino amatumiza odwala kawirikawiri, ndiye m'mafoni mwawo mumakhala manambala amoyo, kapena amadziwa mnzawo yemwe ali nayo. Adalaivala a ambulansi nawonso amadziwa mageti onse ndi makomo onse. Njira ina ndi Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Anthu ambiri anachidziwa ndi nambala ya 54747 pa Airtel, ndipo pa zikwangwani za unduna mumaonanso nambala yaulere ya 929. Kumeneko amayankha ndi azaumoyo, m'Chichewa, ndipo mutha kuwafunsa za komwe wodwala wanu ayenera kupita. Njira yachitatu ndi munthu wa m'mudzi yemwe anagonekedwako kapena anakadikirira wodwala posachedwa. Mawu oti posachedwa ndawatsindika dala, chifukwa yemwe anapitako zaka khumi zapitazo akulondolerani chipatala chomwe chinasintha kale.

Foni ikayankhidwa, musayambe ndi mbiri ya matenda kuchokera chaka chatha, mayunitsi atha musanafike pa funso. Lembani mafunso papepala musanaimbe. Anga anali anayi: kodi kumeneko ndi ku chipatala chakuti, mbali ya maso? Odwala otumizidwa kuchokera kumaboma mumawaona masiku ati, ndipo tifike nthawi yanji? Tibwere ndi chiyani kupatula kabuku ndi kalata? Nanga akagonekedwa, wodikirira amagona kuti? Funso loyambalo likuoneka lopusa koma ndi lomwe limakuuzani ngati nambalayo ili yolondola. Asiyeni iwo atchule dzina la malo awo. Funso lomaliza ndi lomwe limakuuzani ngati munyamule mphasa, poto ndi ufa wa kuchitando.

Pali chizindikiro chimodzi choti mudule foni nthawi yomweyo. Munthu akakuuzani kuti mutumize ndalama pafoni kuti akusungireni malo pamzere kapena akupezereni bedi, ameneyo si chipatala. Manambala ena amene amazungulira m'magulu a WhatsApp ndi a anthu ongofuna kudyera pa odwala. Chimodzimodzi munthu wosavala yunifolomu amene wakupezani padepoti kapena panja pa geti n'kumati, "Kumeneko mzere ndi wautali, tiyeni ndikuperekezeni kwina kwachangu." Kwinako nthawi zambiri n'kolipira. Zipatala za mishoni ndi za anthu sizoipa ayi, zina n'zabwino zedi, koma munthu uzilowako ukudziwa kuti kuli bilu, osati kukokeredwa.

Ngati muli ndi wachibale m'tauni yemwe ali ndi WhatsApp, pali chinthu china chomwe angakuchitireni chomwe chimaposa zonsezi. Mupempheni kuti tsiku lina akadutsa pachipatalapo aime pageti lenilenilo, adine Location kenaka Send your current location, n'kutumiza ku foni yomwe mukayende nayo. Aime pageti ndithu, asatumize ali kunyumba kwake, apo ayi mapu akakufikitsani pakhonde pake. Ajambulenso chikwangwani cha pakhomo, chifukwa manambala olembedwa pakhoma la chipatala amakhala atsopano kuposa a pa intaneti. M'zipatala za boma mumapezekanso chikwangwani cha ofesi yolandira madandaulo, ya ombudzimani wa pachipatala, ndipo nambala yake ndi yoyenera kuikopera.

Ndisanaiwale: zonse ndafotokozazi ndi za ulendo wokonzekera, pomwe wodwala akuyenda yekha ndipo mwapatsidwa tsiku. Munthu akakomoka, akamataya magazi kwambiri, mwana akamakomoka ndi malungo, kapena mayi woyembekezera zikamuvuta, si nthawi yobwereka foni n'kumayang'ana madenga pa Satellite. Thamangirani kuchipatala chomwe chili pafupi, kaya muli kumudzi kaya m'tauni, iwowo ndiwo aone zotumiza wodwalayo kwina.

Tsamba la kope lomwe mukanyamule lizikhala ndi izi: dzina la pachikwangwani ndi la pakamwa, Eliya, mbali yomwe mukulowa, tsiku ndi nthawi, potsikira basi ndi chokwera chachiwiri, kamapu kanu, ndi manambala atatu, ya chipatala, ya alangizi a zaumoyo a kuno, ndi ya wachibale wa m'tauni. Lembani masamba awiri ofanana. Limodzi likhale m'thumba lanu, osati m'chikwama, poti chikwama chimatha kukwezedwa kumbuyo kwa basi. Linalo musiye kunyumba. Ndipo wodwala akagonekedwa, tumizani uthenga kumudzi tsiku lomwelo wonena dzina la wodi, nambala ya bedi ngati ilipo, ndi nthawi zoonera odwala monga zalembedwera pakhomo, kuti amalume akamabwera ndi ufa Loweruka asakayambirenso pa geti kufunsa kuti kodi mwaonako gogo wina wa ku Dedza.